Kant ndi Mill m'mphindi 45: tigawe bwanji nthawi?

Tadala: Anzanga, Lachisanu layandikira ndipo mtima uli m'mwamba. Pepala la maphunziro a khalidwe ndi la maola atatu, mafunso anayi, ndiye kuti funso lililonse mphindi 45 basi. Funso loyerekeza ziphunzitso ziwiri silisowa. Pa pepala lakale limene ndili nalo akuti tiyerekeze afilosofi awiri, Kant ndi Mill, pa zimene zimachititsa kuti chochita chikhale choyenera, kenaka tinene amene akutikhutiritsa. Malikisi 25. Ine ndikayamba ndi Mill ndimadzaza masamba awiri, pofika kwa Kant nthawi yatha. Alipo ali ndi pulani yoti munthu alowe nayo m'mutu?

Limbani: Chemwali, wina angolemba chimangirizo chonse atiponyere pano, ife tiloweze. Masiku atsalawa si ofunsira nzeru zambiri.

Yamikani: Nkhaniyi ndi yophweka aise. Theka loyamba Mill: zotsatira, chisangalalo cha anthu ambiri, ubwino wake, kuipa kwake. Theka lachiwiri Kant: udindo, lamulo lake lalikulu la khalidwe lotchedwa kategoriko imperativu, ubwino wake, kuipa kwake. Kumapeto unene kuti onse ali ndi mbali yabwino ndi yofooka. Mphindi 20, mphindi 20, zisanu zomalizira. Watha.

Madamu Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Yamikani, pulani imeneyo ikupatsa malikisi ofotokozera, koma oyerekezera uwasiya pa tebulo, ndipo funsoli malikisi ake ambiri ali kumeneko. Ndachongapo mayankho ambiri a mtundu umenewu m'magulu obwereza. Munthu amalemba bwino za Mill, amalemba bwino za Kant, koma awiriwa sakumana pena paliponse. Zili ngati kunena kuti tomato wa ku Limbe ndi wotchipa kuposa wa ku Ndirande usanaone kukula kwa milu yake. Uyenera kuwaika onse awiri pa nkhani imodzi, uwafunse funso limodzi, uone pamene akusiyanira. Ndiye chinthu choyamba pa pulani si Mill kapena Kant ayi, ndi chitsanzo chimodzi chimene uyende nacho kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza.

Tadala: Chitsanzo chanji, Madamu? Cha sitima yopanda mabuleki chija?

Madamu Nachisale: Chimenecho aliyense m'chipindamo alemba, ndipo chimadya nthawi pochifotokoza. Tenga cha lonjezo labodza pokongola ndalama, chifukwa Kant mwini wake anachigwiritsa ntchito m'buku lake la 1785, ndiye wochonga adziwa kuti unawerenga. Chiike kwathu kuno. Mayi wina ali m'banki mkhonde ya anthu 20. Mwana wake wadwala kwambiri, pakufunika K200,000 ya mankhwala ndi mayendedwe. Gululo limakongoza ndalama za geni zokha. Mayiyo akuuza anzake kuti akukaoda kaunjika ndipo abweza pakatha mwezi, chonsecho akudziwa kuti palibe kaunjika ndipo alibe poti akazipeze. Ziganizo zinayi, chitsanzo chatha. Ndalamazo zikapanda kubwerera, aliyense m'gulumo wataya K10,000. Nambala imeneyo uisunge, tiigwiritsa ntchito.

Limbani: Chabwino, nanga nthawi?

Madamu Nachisale: Ine ndimagawa motere. Mphindi 5 zoyamba osalemba yankho ayi, ungolemba pulani m'mbali mwa pepala: chitsanzo, mbali imene ukuima, mfundo ziwiri zoyerekezera, ndi chotsutsa chimodzi. Kenaka mphindi 3 mawu oyamba. Mphindi 7 Mill akuyankha nkhani ya mayi uja, mphindi 7 Kant akuyankha nkhani yomweyo. Pamenepa wotchi ikhale ikuonetsa kuti zatha 22. Ndiye mphindi 12 zoyerekeza, ndime ziwiri, iliyonse mphindi 6. Mphindi 6 zotsatira ukuukira mbali yako yomwe ndi kuiteteza. Mphindi 3 mawu omaliza, ziwiri zotsalazo kuwerenganso. Nambala yoti uigwire ndi 22 ija. Ikakwana usanayambe kuyerekeza, siya chiganizo chimene ulipo, dumpha mizere itatu, yamba kuyerekeza.

Tadala: Mphindi 7 pa Mill? Ine pa Bentham yekha ndimatha zoposa pamenepo.

Madamu Nachisale: Ndi pamenepo pakuthawira nthawi yako. Funso silinafunse za Bentham. Umutchule m'chiganizo chimodzi ngati ukufuna, kuti Mill anakulira m'chiphunzitso chake cha yutilitariyanizimu, choweruza zochita ndi chisangalalo chimene zimabweretsa, basi. Miyeso isanu ndi iwiri ya chisangalalo ija uisiye. Za zisangalalo zapamwamba ndi zapansi, za nkhumba yokhuta zija, uzisiyenso, chifukwa sizisintha kanthu pa nkhani ya mayi wokongola ndalama. Komanso yesa dzanja lako usiku uno. Ukapeza kuti umalemba mawu 20 pa mphindi, ndiye kuti m'mphindi 38 zolemba muli mawu 760 okha. Mphindi 7 ndi mawu 140. M'mawu 140 mulibe malo a mbiri ya munthu.

Yamikani: Ndiye Mill pa mayiyu n'zosavuta. Moyo wa mwana mbali ino, K10,000 ya aliyense mbali iyo. Moyo ukupambana. Mill akuti nama.

Madamu Nachisale: Uko ndi kuyamba kwabwino, koma ukaimira pomwepo wampeputsa Mill, ndipo wochonga adziwa. M'zolemba zake za 1861 Mill anakambapo za bodza mwachindunji. Iye akuti kukhulupirirana pa mawu ndi chimodzi mwa zinthu zimene umoyo wabwino wa anthu watsamirapo, ndipo bodza lililonse limachepetsako kukhulupirirana kumeneko. Ndiye pa sikelo paja usaike K10,000 yokha. Uikepo kuti gulu likhoza kutha, kuti amayi ena amene akanakongola mwezi wamawa sapeza kanthu, kuti wina akadzadwalitsa mawa sadzamukhulupirira. Ukatero uonetse kuti ngakhale zili choncho, Mill satseka chitseko. Amavomereza kuti lamulo la kunena zoona lili ndi popatukira, makamaka pamene kubisa kungapulumutse munthu ku choipa chachikulu chimene sanachiputa. Ndiye yankho la Mill ndi lakuti zitengera: ngati palibedi njira ina ndipo mwana afadi, bodzalo likhoza kukhala loyenera. Mawu akuti "ngati" amenewo ndi amene udzawagundanitse ndi Kant.

Chisomo: Pepani ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito ya usiku kuchipatala. Zimenezi ife timakumana nazo tsiku ndi tsiku. Achibale amabwera kudzatipempha kuti tisawauze agogo matenda awo enieni, ati mtima ungawasweke. Ine ndimafuna ndilembe chitsanzo chimenechi chifukwa ndikuchidziwa bwino. Komanso ndikuona ngati onse awiriwa akuphonya. Kwathu kuno nkhani ngati imeneyi imaweruzidwa ndi umunthu, munthu ndi munthu chifukwa cha anzake. Bwanji ndingolemba kuti Kant ndi Mill onse alephera, umunthu ndiye yankho?

Madamu Nachisale: Chitsanzo cha wodwala n'chabwino, Chisomo, ndipo Mill anatchuladi za kubisira uthenga woipa munthu wodwala mwakayakaya. Koma usamale pa chinthu chimodzi. Kusanena ndi kunama ndi zinthu ziwiri. Ukalemba kuti namwino wangokhala chete, Kant alibe naye mlandu waukulu, ndiye awiriwa sasiyana ndipo ulibe choyerekeza. Ngati ukufuna chitsanzo chimenecho, agogowo afunse mwachindunji kuti kodi ndichira, namwino ayankhe kuti inde akudziwa kuti ayi. Za umunthuzo, funso latchula anthu awiri. Ukabweretsa wachitatu n'kumupatsa ndime yonse, wayankha funso lina. Chiganizo chimodzi kumapeto ndingalole.

Bambo Mbewe: Madamu, pamenepo ine sindikugwirizana nanu kwenikweni. Mwana wa ku Malawi alembe za khalidwe tsamba lonse osatchula umunthu? Anthu a m'banki mkhondemo akadamva kuti mwana akudwala, sakadasonkha? Vuto la nkhani yanuyo ndi loti mayiyo wawatenga anzake ngati alendo.

Madamu Nachisale: A Mbewe, mfundo yanuyo ndi yamphamvu, ndipo ili ndi malo ake m'yankho, koma ilowe kudzera kwa Kant. Dikirani pang'ono muona.

Bambo Mbewe: Chabwino. Kwa ine Kant ndi wosavuta, ndi zimene timaphunzitsa ku Sande sukulu. Chimene sufuna kuti anzako akuchitire, iwe usawachitire. Mayiyo sangafune kunamizidwa, ndiye asaname.

Madamu Nachisale: Chiganizo chimenecho musachilembe Lachisanu, bambo. Kant anakana yekha m'buku lomwelo kuti lamulo lake ndi limenelo. Anapereka chitsanzo cha wolakwa amene angauze woweruza kuti inunso simungafune kulangidwa, ndiye musandilange. Chodabwitsa n'choti amene analitamanda lamulo la Yesu lija ndi Mill, ponena kuti mzimu wonse wa chiphunzitso chake uli m'menemo. Mukalemba kuti ndi la Kant, wochonga amene amadziwa zinthu achotsa malikisi pomwepo.

Bambo Mbewe: Ha! Ndiye kuti amene ndimamuyesa wachikunja uja ndi amene akugwira mawu a m'Baibulo.

Yamikani: Ine Kant ndimamufotokoza chonchi. Tangoganiza aliyense atamanama pokongola ndalama. Mabanki mkhonde onse atha, anthu avutika, dziko lisokonekera. Ndiye kunama n'koipa. Si zomwezo?

Madamu Nachisale: Apa ndiye pogona nkhani, tiyeni tichedwepo. Zimene walembazo zikuoneka ngati Kant koma ndi Mill. Waweruza ndi zotsatira: anthu avutika, dziko lisokonekera. Kant sakunena kuti kukanakhala koipa kukhala m'dziko lotero. Akunena kuti mfundo ya mayiyo imadzigwetsa yokha. Tsata bwino. Mfundo imene mayiyo akuyendera ndi iyi: ndikapanikizika, ndikongola ndalama ndi kulonjeza kubweza ngakhale ndikudziwa kuti sindibweza. Tsopano iyese ngati lamulo la aliyense. Ngati aliyense wopanikizika amalonjeza chonchi, ndipo aliyense akudziwa zimenezo, mawu akuti "ndibweza" sakutanthauzanso kanthu. Msungichuma angoseka. Ndiye ndalama zimene mayiyo amafuna sazipeza. Bodza lake limagwira ntchito pokhapokha ngati ena onse akunena zoona. Akufuna lamulo likhalepo kwa anzake, iye yekha apatuke. Kant akuimira pamenepo, sakuwerenga kuti avutika ndi angati.

Yamikani: Koma Madamu, kunena kuti msungichuma sakhulupiriranso, chimenecho si chotsatira? Mwangochisintha dzina.

Madamu Nachisale: Funso limeneli ndi lomwe Mill anamufunsa Kant, koyambirira kwa zolemba zake zija. Anati Kant walephera kuonetsa kudzitsutsa kulikonse, wangoonetsa kuti zotsatira zake palibe angazifune. Ndiye maganizo akowo usawataye, koma uwaike malo oyenera. M'ndime yofotokoza Kant, umufotokoze monga iye mwini amadzimvera. M'ndime yoyerekeza ndi momwe unganene kuti Mill akuti zimenezi ndi zotsatira zobisika. Wa mbali ya Kant ayankha kuti palibe akulosera zimene zichitike. Mayi mmodzi akanama, dziko lonse siliyamba kunama, ndipo Kant akudziwa zimenezo. Akungofunsa ngati mfundoyo ingaganizike ngati lamulo la onse popanda kuphwanya cholinga chake chomwe.

Yamikani: Ine sindinakhutirebe. Kwa ine Mill anamugwira pakhosi pamenepo.

Madamu Nachisale: Ndiye wapeza mbali yako. Lemba zimenezo m'mawu oyamba, uziteteze. Palibe amene achotse malikisi chifukwa wasankha Mill.

Tadala: Madamu, ndime ziwiri zoyerekeza zija, mulembamo chiyani kwenikweni? Ndi pamene ine ndimauma mutu.

Madamu Nachisale: Njira yachangu ndi kusintha chinthu chimodzi m'chitsanzo chija n'kuona amene asinthe yankho. Ndime yoyamba: tinene kuti mchimwene wake wa mayiyo ali ku Joni, watumiza ndalama mosayembekezereka, mayiyo wabweza pa tsiku lake ndi chiwongoladzanja chomwe. Mwana wachira, palibe wataya kanthu, palibe wadziwa. Kwa Mill zifukwa zambiri zodzudzulira bodzalo zafooka. Akhoza kunenabe kuti mayiyo anaika anzake pangozi ndiponso kuti wadzizoloweza kunama, koma kuipako kwachepa. Kwa Kant palibe chasintha ngakhale pang'ono, chifukwa kulakwa kunachitika tsiku limene analankhula, osati tsiku lobweza. Ndiye ulembe kusiyana koyamba m'chiganizo chimodzi: Mill akuyang'ana zimene chochita chibweretse, Kant akuyang'ana mfundo imene wochitayo wayendera.

Ndime yachiwiri ndi ya amayi 19 otsala aja, ndipo a Mbewe mfundo yanu ija ikulowa apa. Kwa Mill aliyense wa iwo akuwerengedwa mofanana, palibe woposa mnzake, ndipo zimenezo uzinene chifukwa ndi mphamvu yake. Koma akuwerengedwa ngati anthu otaya K10,000, kutaya kumene kungaphimbidwe ndi phindu lalikulu kwina. Kwa Kant funso ndi lakuti kodi anapatsidwa mpata wovomera kapena kukana? Sanapatsidwe, chifukwa anavomera kaunjika amene kulibe. Mayiyo wawagwiritsa ntchito ngati chida chabe chopezera ndalama. Akadawauza zoona, akadatha kusonkha, kusintha lamulo lawo, kapena kukana, koma chisankhocho chikadakhala chawo. Ndipo apa ukhoza kutsitsa nambala ija: ngakhale aliyense akadataya K100 yokha, sikelo ya Mill ipendekera kwambiri kwa mayiyo, pamene Kant sasuntha.

Limbani: Ndiye Kant akuti tisamagwiritse ntchito anthu? Nanga wa kabaza amene amanditsitsa ku Chirimba m'mawa uliwonse?

Madamu Nachisale: Wa kabazayo mwagwirizana mtengo, akudziwa kumene mukupita, akhoza kukana. Kant saletsa zimenezo. Akuletsa kumutenga munthu ngati chida chokha, mopanda kumusiyira mpata wosankha. Ukamuuza kuti ndikulipira tikafika uku m'thumba mulibe kanthu, pamenepo ndiye walowa m'gulu la mayi uja.

Limbani: Musandiulule pagulu Madamu.

Tadala: Ndayesa kulemba mawu oyamba, ndiwamasulira m'Chingerezi pa tsikulo. "Kuyambira kalekale anthu akhala akufunsa kuti chabwino n'chiyani ndipo choipa n'chiyani. Afilosofi ambiri ayesa kuyankha funsoli. Immanuel Kant anabadwa mu 1724 ku Königsberg, pamene John Stuart Mill anabadwa mu 1806 ku London. M'chimangirizo chino ndiyerekeza maganizo awo." Zili bwanji?

Chisomo: Zaka zili bwino, koma sindikumva kuti iwe waima pati.

Madamu Nachisale: Chisomo wanena zoona. Ziganizo zinayi zonsezo ukhoza kuzifufuta, yankho osataya kanthu. Yesa chonchi. "Mill akuti chochita n'choyenera malinga ndi mmene chikuonjezera chisangalalo ndi kuchepetsa mavuto kwa onse okhudzidwa. Kant akuti n'choyenera ngati mfundo yake ingakhale lamulo la aliyense ndipo sikutenga munthu ngati chida chabe. Ndiwayesa onse pa nkhani ya mayi wokongola ndalama ndi lonjezo labodza kuti apulumutse mwana. Ndionetsa kuti Kant akufotokoza bwino chimene chalakwika kwa onamizidwawo, ngakhale kukana kwake kupatuka kulikonse kuli ndi vuto lalikulu." Wochonga akangowerenga zimenezi wadziwa kale kumene ukupita, ndipo ngakhale nthawi itakuthera pakati, mbali yako yaoneka.

Tadala: Ndiye ndikasankha Kant, m'mphindi 6 zija ndimuukire ndi chiyani?

Madamu Nachisale: Ndi chotsutsa champhamvu kuposa zonse, osati chofooka choti uchigwetse mosavuta. Mu 1797 Kant, poyankha wolemba wa ku France, Benjamin Constant, analemba kuti ngakhale wakupha atagogoda pakhomo kufunsa ngati mnzako wabisala m'nyumba mwako, sukuloledwa kumunamiza. Anthu ambiri akamva zimenezi amaona kuti chiphunzitsochi chasochera. Uchibweretse kwa mayi uja: wauza gulu zoona, gulu lakana, kwina konse wayesa, mwana akufa. Kodi Kant akutidi angokhala? Uyankhe moona mtima. Ukhoza kunena kuti amayi a m'gulumo si akupha, sanalakwe kanthu, ndiye kuwanamiza n'kovuta kukuteteza kuposa kunamiza chigawenga. Ukhozanso kunena kuti Kant yemweyo amaphunzitsa za udindo wothandiza ovutika, ndiye gulu limene lakana lili ndi mlandu wake. Koma uvomereze kuti zimenezi sizichiritsa mwanayo. Mawu omaliza anene zomwezo: Kant akulondola pa chimene bodza limalakwira munthu, koma zoti bodza silingaloledwe nthawi ina iliyonse sanatikhutiritse.

Bambo Mbewe: Koma kuvomereza chonchi si kudziwombera wekha? Ine ndinazolowera kuti pa mtsutso suonetsa chilonda.

Chisomo: Ine ndikuona ngati wochonga amachidziwa kale chilondacho. Ukachibisa angoganiza kuti sunachione.

Yamikani: Nanga ine wa Mill, andiukira ndi chiyani?

Madamu Nachisale: Ndi kaunjika wa bodza yemweyo, koma umuchulukitse. Ngati kutaya kochepa kwa anthu ambiri kumaphimbidwa ndi phindu lalikulu la mmodzi, n'chiyani chiletse msungichuma kutapa m'bokosi mwakachetechete nthawi iliyonse akaona kuti kwinakwake kuli vuto lalikulu? Pamenepo uyankhe ndi malamulo: Mill akuti sitiwerengera chilichonse payekhapayekha, timatsata malamulo amene anthu aphunzira kuyambira kale kuti amabweretsa zabwino. Koma dziwa kuti wa Kant akudikirira pakona. Akufunsa kuti ngati lamulolo uliswa tsiku limene kuswa kuli ndi phindu, linali lamulo? Ndipo ngati suliswa ngakhale phindu likuoneka, ukadali wa Mill? Sankha mbali imodzi ya funso limeneli, uiyankhe m'ziganizo zitatu. Usayese kulithetsa, anthu akukanganabe mpaka lero.

Yamikani: Ine nditenga yoyamba. Lamulo ndi lothandiza, koma mwana akamafa ndiliswa, ndipo ndilemba choncho.

Bambo Mbewe: Achimwene, mukadzakhala msungichuma wa gulu lathu la ku Bangwe mudzandiuze ndichotsemo zanga.

Limbani: Funso lenileni tsopano. Funsoli ndalisiya komaliza, woyang'anira wanena kuti zatsala mphindi 20. Ndipange bwanji?

Madamu Nachisale: Ndime ziwiri zofotokoza zija uzitaye. Mphindi 2 pulani, mphindi 3 mawu oyamba ngati aja ndalemba, chifukwa muli kale tanthauzo la ziphunzitso zonse ziwiri, chitsanzo ndi mbali yako. Kenaka lunjika ku ndime zoyerekeza, mphindi 5 iliyonse, kufotokoza kulowe momwemo. Zisanu zotsalazo, chotsutsa chimodzi ndi chigamulo chako m'ndime imodzi. Ambiri amachita mosemphanitsa, amayamba kufotokoza Mill bwinobwino ngati nthawi ilipo, belu n'kulira Kant asanatchulidwe. Pepala lotero wochonga sangalipatse ngakhale theka, chifukwa layankha za munthu mmodzi pa funso la anthu awiri.

Chisomo: Ndiye podziyesa kunyumba, ndidziwa bwanji kuti ndayerekezadi?

Madamu Nachisale: Tenga cholembera, uzunguze dzina la Kant ndi la Mill paliponse. Kuyambira pakati kupita kumapeto, ndime iliyonse ikhale ndi mayina onse awiri. Ukapeza tsamba lonse la dzina limodzi, wabwerera ku pulani ya theka ndi theka. Chachiwiri, yang'ana ngati mayi uja akuonekabe m'ndime yomaliza. Akasowa pambuyo pa tsamba loyamba, ndiye kuti chitsanzocho sichinagwire ntchito, unangochikongoletsera.

Bambo Mbewe: Ine za umunthu zija sindinazisiye. Ndiika ndime yaifupi isanafike yomaliza, ziganizo zitatu, yonena kuti onse awiri akumuona mayiyo ngati ali yekha ndi chisankho chake, pamene vuto linayamba pomwe gulu linakhala loti munthu sangaliuze kuti mwana wadwala. Akachotsa malikisi achotse.

Madamu Nachisale: Ziganizo zitatu sizingakupheni, bola zichokere m'mphindi 6 za chotsutsa zija, osati m'mphindi 12 zoyerekeza. Koma ochonga amasiyana pamenepa. Ena amakondwa nazo, ena amalemba m'mbali kuti zatuluka m'funso. Amene anakuphunzitsani mukuwadziwa ndinu.

Tadala: Nanga funso likabwera la Kant ndi Aristotle m'malo mwa Mill? Chitsanzo cha banki mkhonde chigwirabe?

Madamu Nachisale: Chigwira, koma mfundo zoyerekezera zisintha, chifukwa Aristotle afunsa za khalidwe la mayiyo pa moyo wake wonse, osati za lonjezo la tsiku limodzi. Imeneyo ndi nkhani ya mawa, foni yatsala pang'ono kuzima ndipo kuno ku Chilomoni magetsi kulibe. Usiku uno aliyense atchere wotchi mphindi 45, alembe la Kant ndi Mill pamanja, ajambule atumize pano isanakwane 9 koloko. Mulembe pamwamba mphindi imene munayambira kuyerekeza.

Limbani: Ine wa mphindi 20 uja ndilemba ameneyo, ndikudzidziwa.

Yamikani: Tadala, iwe utenge Kant, ine Mill, tikatha tisinthane tichongerane. A Mbewe ndinu woweruza.

Bambo Mbewe: Ndavomera, koma zanga zibwera mochedwa, ndili ndi msonkhano wa kumpingo mpaka 8 koloko.